Masiku Awiri ku Chembe: Kusambira, Kuwedza, Boti kapena Kungokhala?

Anthu ambiri akamakonza ulendo wa kunyanja amayamba ndi kufunsa za malo ogona ndi mtengo wake. Funso loyenera kubwera patsogolo ndi la mphepo. Pa nyanja ya Malawi, mphepo ndiyo imalamula ngati mukwera boti, ngati ana asambira, ngakhalenso ngati mudya usipa wauwisi madzulo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera wochokera kumwera chakum'mawa, ndipo ukayamba umatha masiku angapo osaleka. Nyengo yotentha ndi ya dzinja kumabwera mpoto, wochokera kumpoto monga dzina lake likunenera. Gombe lililonse limalandira mphepozi mosiyana. La Senga Bay ku Salima linayang'ana kum'mawa, choncho mafunde a mwera amafika pamchenga ndi mphamvu. La Chembe ku Cape Maclear linabisala kuseri kwa mapiri, ndipo mwera ukamavuta kwina, pamenepo madzi amakhala odekhako. Koma mpoto ukaomba, Chembe ndiye amaona mafunde.

Tiyeni titenge banja lochokera ku Lilongwe: bambo, mayi, agogo aakazi ndi ana awiri, wina wa zaka 12 wina wa zaka 6. Apita ku Chembe mu Julaye, ali ndi usiku uwiri ndi ndalama zongokwanira. Ana akufuna kusambira, bambo akufuna kuwedza, mayi akufuna kuona zilumba, agogo akungofuna mpando pamthunzi. Chofunika ndalama ndi chiti, ndipo choyenera kusamala nacho ndi chiti?

Ine ndikadawauza kuti ndalama aziike pa boti. Chimene chinachititsa kuti dera limeneli likhale malo otetezedwa mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO lililembe m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, sichili pamchenga ayi. Chili m'miyala ya m'madzi, mmene mumakhala mbuna, tinsomba tating'ono tamitundu yowala: tabuluu, tachikasu, tamizeremizere. Mbuna sizisiya miyala yawo n'kudutsa pamchenga kapena pakuya, n'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake, ina yosapezeka kwina kulikonse padziko. Munthu wongosambira kutsogolo kwa mudzi sangaone zimenezi bwinobwino. Ayenera kupita ku chilumba cha Thumbi, chimene chili pafupi ndithu, kapena ku miyala ya Otter Point, n'kuvala magalasi oonera pansi pa madzi. Ngakhale mwana wa zaka 6 wovala jekete yoyandamitsa akhoza kugona chafufumimba pamadzi, bambo atamugwira, n'kuona nsomba zikumuzungulira. Pobwerera, oyendetsa boti amaimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzaitola ndi zikhadabo.

Koma boti ndi pamenenso pamafunika kukambirana momveka musanaponde m'madzi. Gwirizanani mtengo wa boti lonse, osati wa munthu mmodzi, ndipo funsani ngati mtengowo ukuphatikiza magalasi, chakudya chamasana ndi ndalama yolowera m'malo otetezedwa, imene imalipidwa payokha. Werengani majekete oyandamitsa ndi maso anu. Ngati muli asanu ndipo majekete ali atatu, kapena palibe yomukwana mwana wamng'ono, musakwere. Jekete ya munthu wamkulu imavuka m'mutu mwa mwana akangogwera m'madzi. Yesani pomunyamula mwanayo ndi mapewa a jeketeyo, ndipo ikakwera mpaka m'makutu, ndiye kuti siyake. Onaninso ngati m'botimo muli nkhafi ndi chokapira madzi, chifukwa injini imazima. Za mphepo, mverani machenjezo a nthambi ya zanyengo pa wailesi, komanso yang'anani asodzi a m'mudzimo. Mukaona mabwato awo onse ali pamtunda ndipo kutali pamadzi kukuoneka thovu loyera pamwamba pa mafunde, tsiku limenelo si la boti, kaya woyendetsayo akulimbikitseni motani. Kuseri kwa zilumba kumene mwera umafika ndi mphamvu zake zonse n'kosiyana kwambiri ndi pagombe pamene mwaima. N'chifukwa chake banja lathuli liike ulendo wa boti m'mawa wa tsiku loyamba, kuti ukalephereka pakhale mawa lake.

Kusambira kumaoneka kwaulere, koma kuli ndi mtengo umene umabwera mochedwa: likodzo. Matendawa amayenda chonchi. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. Tikachulukana mmenemo timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madziwo, ngakhale wongoima mpaka m'mawondo. Safunika kumwa madziwo kuti adwale. Nkhonozi zimachuluka m'madzi osaya ndi odekha, m'bango ndi m'zomera za m'madzi, makamaka pafupi ndi pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. Ku Chembe zimapezekanso ngakhale pamchenga wooneka woyera kutsogolo kwa mudzi. Tizilomboto timatuluka kwambiri dzuwa likakwera, nthawi yomweyo imene ana amalirira kulowa m'madzi. Ichi ndi chifukwa china chokondera boti: kusambira m'miyala ya pachilumba, kutali ndi mudzi, kumachepetsa chiopsezo, ngakhale sikuchichotseratu.

Pali cholakwa chimene anthu ambiri amachita pofuna kudziteteza. Amagula mankhwala a likodzo, pulazikwantelo, n'kumwa tsiku lobwerera kwawo. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, koma sagwira bwino tizilombo tongolowa kumene m'thupi. Pamafunika kudikira milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kusambira. Mlingo wake umatsata kulemera kwa munthu: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza kuti mayi wolemera makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi a mamiligalamu 600, atadya kaye. Mlingo wa ana aupereke ndi achipatala atawayeza pasikelo. Zizindikiro zoyenera kuzitsata ndi magazi potsiriza kukodza, kuwawa pokodza, kapena kutentha thupi ndi kutopa patapita milungu ingapo. Ambiri sadzaona chizindikiro chilichonse kwa nthawi yaitali, choncho banja lonse lilembe pakalendala tsiku lopita kuchipatala mu Seputembala.

Pa zoopsa za nthawi yomweyo, ng'ona ndi mvuu zimakonda pamene mitsinje imathira m'nyanja ndi m'bango, ndipo eni mudzi amadziwa malowo, afunseni. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kumira. Madzi a nyanja ino alibe mchere, motero sanyamula thupi ngati mmene madzi amchere amachitira, ndipo pamalo ena mchenga umatsetsereka mwadzidzidzi. Mwana amene akumira kawirikawiri sakuwa, amangomira chete pamene akuluakulu asanu ali pagombe aliyense akuganiza kuti mnzake akuyang'ana. Sankhani munthu mmodzi, mumutchule dzina, akhale m'madzi pamtunda woti dzanja lake lingafike pa mwanayo, ndipo muzisinthana.

Nanga bambo ndi mbedza zawo? Apa ndinene mosabisa: amene akufuna ndiwo agule kwa asodzi m'mawa. Chambo chimene aliyense amalakalaka chimadya tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi, motero sichithamangira nyambo. Chimagwidwa ndi maukonde. Za mbedza ndi nsomba zodya zinzake, monga ncheni, kampango ndi bombe, ndipo nyambo yake yabwino ndi usipa. Ncheni amapezeka pamadzi otseguka, kampango amakhala pansi ndipo amadya kwambiri usiku. Zonsezi zimafuna bwato, msodzi wodziwa malo ndi kudzuka kusanache. Palinso lamulo: m'malo otetezedwa a Cape Maclear, madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la zilumba ndi mapiri a m'malowo ndi oletsedwa kuphamo nsomba. Choncho kuponya mbedza pamiyala ya Thumbi pamene mukuona mbuna zambirimbiri ndi mlandu. Kuwedza kumakomera munthu amene angakhale m'bwato maola atatu osagwira kanthu koma n'kubwerako wokhutira ndi zimene wamva kwa msodzi. Mwana wa zaka 12 akhoza kupita nawo atavala jekete. Wa zaka 6 atsale.

Tsopano agogo ndi mpando wawo. Anthu amaona ngati kukhala pagombe madzulo ndi kusowa chochita, koma kwa munthu wotsegula maso ndi nthawi imene nyanja imaonetsa ntchito yake. Ku Chembe dzuwa limalowera cha kumadzi, chinthu chimene ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay simungachione, popeza kumeneko ndi kotulukira dzuwa. Kukangoda, asodzi a usipa amanyamuka, ndipo posakhalitsa nyali zawo zimandanda pamadzi ngati tauni imene kunalibe masana. Usodzi umenewu amautcha kauni. Munthu mmodzi, siginala, amakhala m'bwato la nyali kukopa usipa, ndipo ukasonkhana anzake amauzinga ndi ukonde wa chilimira. Kale nyalizo zinali za palafini, lero zambiri ndi mababu oyendera mabatire. Njirayi imafuna mdima, choncho mwezi ukakhala wathunthu nyali zimachepa ndipo usipa umasowa pagombe m'mawa. Wofuna kuona nyali zambiri asankhe masiku amene mwezi uli mumdima, ndipo apemphere kuti mwera usawatsekere asodzi pamtunda.

Madzulowo ali ndi adani awiri. Woyamba ndi udzudzu: m'mphepete mwa nyanja malungo alipo chaka chonse, ndipo udzudzu wake umaluma kuyambira kukada mpaka m'bandakucha. Ana avale zamanja aatali dzuwa likamalowa, ndipo musanalipire chipinda tambasulani neti muone ngati ilibe zibowo. Aliyense akatentha thupi pakapita mlungu umodzi kapena kuposerapo, akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo auze achipatala kuti anasambira m'nyanja. Wachiwiri ndi mowa. Munthu amene wamwa amadziona wamphamvu, amalowa m'madzi mumdima mmene palibe angamuone, ndipo mu Julaye kuzizira kwa usiku kumamufooketsa msanga. Banja ligwirizane lisananyamuke ku Lilongwe kuti botolo loyamba likatsegulidwa, kusambira kwa tsikulo kwatha.

Tsiku lachiwiri, ngati boti linatheka dzulo lake, bambo apite ndi msodzi m'bandakucha, ena onse apite pagombe pamene mabwato a kauni akufikira. Usipa wa usiku womwewo umadziwika ndi maso owala, thupi lolimba lonyezimira ndi mimba yosaphulika. Gulani wokwanira nkhomaliro, ndipo wopita nawo ku Lilongwe mugule wouma kale pathandala, chifukwa wauwisi sungapirire ulendo wokwera mapiri a Golomoti m'galimoto yotentha.