Waya wa Ethernet wopaka kopa pamwamba pokha

Chinyengo chimene chimandikwiyitsa m'misika ya zipangizo zamakompyuta ndi waya wolembedwa Cat5e kapena Cat6, koma m'kati muli aluminiyamu wokutidwa ndi kopa wochepa. Amautcha CCA. Pamamita asanu umagwira bwinobwino, n'chifukwa chake wogula sazindikira msanga.

Mavuto amayamba waya ukatalika. Aluminiyamu amapititsa magetsi movutikira, pafupifupi 60 peresenti ya mmene kopa amapititsira. Muyezo umalola mamita 100, poyembekezera kopa weniweni. Mukalumikiza kamera yolandira magetsi kudzera mu waya womwewo, pamtunda wa mamita 80, magetsi ambiri amathera m'njira ngati kutentha. Masana kamera imaoneka yabwino; usiku, nyali zake zikayaka n'kufuna mphamvu yowonjezera, imazima n'kuyakanso. Aluminiyamu amathyokanso msanga akapindidwa, ndipo amachita dzimbiri polumikizira.

Ine ndimalangiza kupempha kachidutswa musanalipire. Sendani kawaya kamodzi, mukapale ndi mpeni. Mukaona kuyera ngati siliva pansi pa kufiira, usiyeni. Pamoto wa machesi, CCA amafota n'kugwa, pomwe kopa amangofiira osasintha. Bokosi lake la mamita 305 limapepukanso modabwitsa.