Kuwerenga manambala awiri osonyeza ngati kanema wotsatsa malonda akugwira ntchito

Kanema wotsatsa malonda akaikidwa pa YouTube, Facebook kapena TikTok, mwini wake amalandira manambala ambiri, koma awiri ndiwo amaulula msanga ngati kanemayo akukopa anthu. Yoyamba ndi mlingo wa oonera: mwa nthawi zonse zimene kanemayo anaonetsedwa, ndi kangati pamene munthu anamuonera mpaka pamalire oikika. Yachiwiri ndi avereji ya nthawi yoonera, kutanthauza masekondi amene munthu mmodzi amathera pa kanemayo, nthawi ya onse ikaphatikizidwa n'kugawidwa mofanana. Nambala iliyonse ikawerengedwa payokha imasocheretsa. Zimayamba kunena zoona zikaikidwa pamodzi ndi kutalika kwa kanemayo komanso sekondi imene uthenga wa malondawo umamveka.

Kuonera kumayambira pati

Mlingo wa oonera umapezeka pogawa chiwerengero cha kuonera ndi chiwerengero cha kuonetsedwa. Mu Google Ads, momwe mumayendetsedwa malonda a pa YouTube, kuonetsedwa kumalembedwa kuti `Impr.` ndipo kuwerengera kwake ndi uku:

```
View rate = Views / Impr. x 100
```

Ngati kanema waonetsedwa maulendo 10,000 ndipo maulendo 2,500 awerengedwa kuti ndi kuonera, mlingowo ndi 25 peresenti. Kugawako n'kosavuta. Povuta ndi pakuti kampani iliyonse ili ndi malire akeake a zimene imazitcha kuonera.

Pa YouTube, malonda amene munthu angawadumphe pakatha masekondi 5 amawerengedwa kuti aoneredwa munthuyo akafika pa masekondi 30, kapena akamaliza kanema yense ngati ndi wamfupi kuposa pamenepo, kapenanso akadina china chake pamalondawo. Kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, imawerenga amene afika pa masekondi 3, ndiponso ili ndi muyeso wina wotchedwa `ThruPlay` wa amene afika pa masekondi 15 kapena amaliza kanema wamfupi kuposa pamenepo. TikTok imaonetsa amene afika pa masekondi 2 ndi amene afika pa masekondi 6. Choncho 30 peresenti ya pa YouTube ndi 30 peresenti ya masekondi 3 a pa Facebook si chinthu chimodzi. Koyamba munthu anali ndi mwayi wochoka koma anakhala. Kwinaku mwina chala chake chinangochedwa kupitiriza. Ndipo pa malonda osadumphika, monga a masekondi 6 a pa YouTube, mlingowu ulibe phindu chifukwa woonera sanapatsidwe ufulu wosankha.

Zimene avereji imabisa

Avereji ya nthawi yoonera imapezeka pogawa nthawi yonse yooneredwa ndi chiwerengero cha anthu kapena cha maulendo. Funso loyamba kufunsa ndi lakuti: ndani akuwerengedwa pogawapo? Ngati akuwerengedwa onse amene kanemayo anawafikira, avereji imakhala yotsika. Ngati akuwerengedwa okhawo amene anakhalitsa, imakwera, ngakhale kanemayo ndi yemweyo.

Nkhaniyi inachitikapo poyera. Mu Sepitembala 2016, Facebook inavomereza kuti kwa zaka pafupifupi ziwiri inkalakwitsa avereji imeneyi. Inkatenga nthawi yonse imene kanema waoneredwa, koma pogawa inkawerenga okhawo amene anafika pa masekondi 3, kusiya onse amene anachoka msanga. Zotsatira zake, makanema ankaoneka ngati akusunga anthu nthawi yaitali kuposa mmene zinalili. Otsatsa malonda ena anakasuma, ndipo mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira madola 40 miliyoni kuti mlanduwo uthe. Phunziro lake n'lakuti tanthauzo la muyeso liyenera kuwerengedwa kaye nambala isanakhulupiriridwe.

Ngakhale avereji itawerengedwa molondola, imafafaniza kusiyana kwa anthu. Pa kanema wa masekondi 30, avereji ya masekondi 10 ingabwere anthu onse ataonera masekondi 10. Ingabwerenso munthu mmodzi mwa asanu aliwonse atamaliza kanema yense, anayi otsalawo atachoka pa masekondi 5. Poyamba paja vuto lili pamalo amodzi m'kati mwa kanemayo. Kwachiwiriku kanemayo akusangalatsa kwambiri anthu ochepa, ndipo vuto lili pachiyambi kapena pa gulu la anthu amene akuonetsedwa. N'chifukwa chake avereji imawerengedwa limodzi ndi manambala osonyeza kuti ndi angati anafika pa 25, 50, 75 ndi 100 peresenti ya kanemayo, amene Google Ads ndi Meta zonse zimapereka.

Makanema awiri a wogulitsa mmodzi

Chitsanzo chongopanga chingasonyeze mmene kuwerengaku kumayendera. Wogulitsa nyali za sola waika makanema awiri odumphika pa YouTube, kwa gulu limodzi la anthu komanso m'sabata imodzi. Aliyense waonetsedwa maulendo 10,000.

Woyamba ndi wa masekondi 20. Amayamba ndi nyali ikuwala m'chipinda cha mdima, ndipo dzina la sitolo ndi mtengo zimakhala zitaoneka pofika sekondi ya 10. Maulendo 3,500 awerengedwa kuti ndi kuonera, ndiye mlingo wake ndi 35 peresenti, ndipo avereji ya nthawi pa kuonetsedwa kulikonse ndi masekondi 11. Wachiwiri ndi wa masekondi 60. Ndi nkhani ya mwana wa sukulu amene akulephera kuwerenga usiku, ndipo dzina la sitolo limatuluka pa sekondi ya 50. Mlingo wake ndi 22 peresenti, avereji yake masekondi 17.

Woyang'ana mlingo wokha anganene kuti woyamba wapambana. Woyang'ana avereji yokha anganene kuti wachiwiri ndiye wapambana. Onse awiri afulumira. Kanema woyamba amafunika masekondi 20 okha kuti kuonera kuwerengedwe, pamene wachiwiri amafunika 30, choncho mlingo ukukondera wamfupiyo. Avereji nayo ikukondera wautaliyo, chifukwa munthu mmodzi womaliza amabweretsa masekondi 60, pamene womaliza wamfupi sangapitirire 20.

Njira yachilungamo ndi kuwayeza pa sekondi imodzimodzi. Sekondi ya 15 ndi 75 peresenti ya kanema woyamba, komanso ndi 25 peresenti ya wachiwiri. Pamenepo woyamba watsala ndi anthu 38 pa 100 aliwonse, wachiwiri watsala ndi 30. Tsopano zadziwika bwino kuti chiyambi cha kanema woyamba chikugwira anthu kuposa cha wachiwiri, ngakhale kusiyanako n'kochepa poyerekeza ndi kumene 35 ndi 22 zinkasonyeza.

Kenako pamabwera funso lalikulu kwa wamalonda: ndi angati anamva uthenga? Pa theka la kanema woyamba, pa sekondi ya 10, panali patatsala anthu 44 pa 100 aliwonse, ndiye dzina ndi mtengo zinaoneka maulendo osachepera 4,400. Kanema wachiwiri anali ndi 14 peresenti pa sekondi ya 45 ndi 10 peresenti pamapeto, choncho dzina la sitolo linaoneka maulendo a pakati pa 1,000 ndi 1,400. Masekondi 17 aja ambiri mwa iwo anathera pa nkhani imene oonera sanadziwe kuti mwini wake ndani.

Komabe kanema wachiwiri si wotaya. Mwa 3,000 amene anapirira mpaka pa sekondi ya 15, okwana 1,000 anamaliza, ndipo palibe malo amodzi amene anthu anachokerapo mwaunyinji. Nkhaniyo ili ndi mphamvu. Chofooka ndi khomo lake. Chofunika ndi kujambulanso masekondi 5 oyambirira kuti nyali ndi dzina la sitolo zioneke batani lodumphira lisanatuluke, n'kusiya zotsalazo mmene zilili, kenako kuyesanso.

Manambala awiriwa akasiyana

Mlingo ndi avereji zikakhala zotsika zonse, chokayikira choyamba ndi chiyambi cha kanema: chizindikiro cha kampani chozungulira pang'onopang'ono, moni wautali, kapena chithunzi chosaonetsa kuti nkhani ndi yotani. Pa Facebook ndi Instagram anthu ambiri amaona kanema mawu asakumveka, choncho kanema wodalira mawu okha popanda zolembedwa amataya anthu pomwepo.

Mlingo wa masekondi oyambirira ukakhala wokwera koma avereji yotsika, chiyambi chikulonjeza zimene kanemayo sakupereka, kapena chotsatira chake chikuyenda mochedwa. Malo amene manambala a magawo anayi aja agwa kwambiri ndi amene ayenera kuonedwanso. Mlingo ukakhala wotsika koma ochepa otsalawo n'kumamaliza, kanemayo ndi wabwino kwa amene akumufuna, ndipo choyenera kusintha ndi chiyambi kapena anthu amene akuonetsedwa. Zonse zikakhala zokwera, kanemayo akusunga anthu, ndipo chotsala ndi kuona ngati akuchita zimene anapemphedwa.

Zimene zimasuntha manambala kanema asanasinthe

Si kusintha kulikonse kumene kumachokera kwa kanema. Malonda oonetsedwa pa wailesi yakanema yolumikizidwa ku intaneti nthawi zambiri amaoneredwa mpaka patali kuposa a pafoni, chifukwa kudumpha kumafuna kuti munthu atenge rimoti. Anthu amene akuidziwa kale sitolo amaonera nthawi yaitali kuposa achilendo. Cholinga chimene wotsatsa wasankha chimasinthanso zinthu: akapempha kuonera, makina ogawira malonda amafunafuna anthu okonda kuonera makanema, amene si onse ogula. Choncho manambala ayenera kugawidwa motsata chipangizo, malo oonetsera ndi gulu la anthu makanema asanayerekezeredwe.

Kuchuluka kwa maulendo nakonso n'kofunika. Pa maulendo 200, anthu khumi okha amasuntha mlingo ndi mapointi 5, pamene pa maulendo 10,000 anthu omwewo sasintha kanthu kooneka. Mlingo ukamatsika sabata ndi sabata, uku chiwerengero cha maulendo amene munthu mmodzi waona kanemayo chikukwera, ndiye kuti anthu atopa naye, ndipo pakufunika watsopano. Poyesa, chinthu chimodzi chokha chisinthidwe pa nthawi imodzi. Chiyambi, nyimbo ndi kutalika zikasinthidwa pamodzi, sizidziwika kuti chathandiza n'chiti.

Malire a manambala awiriwa ndi akuti amayeza chidwi basi. Sanena ngati woonera wakumbukira dzina la sitolo, wakhulupirira mtengo kapena wagula. Zimenezo zimaoneka pa manambala ena: odina, otumiza uthenga wofunsa, ndi ndalama zimene zawonongedwa kuti wogula mmodzi apezeke. Kanema wa mlingo wotsika amene akubweretsa ogula pa mtengo wochepa sachotsedwa chifukwa cha mlingowo. Ntchito ya mlingo ndi avereji ndi kusonyeza sekondi imene anthu akuchokera, kuti wokonza kanema adziwe gawo loyenera kukonza.