Pulojekiti ikatha, zotsala ku banki n'zayani?

Tsiku lomaliza la pulojekiti limalembedwa mu mgwirizano kuyambira pachiyambi, ndipo likadutsa, bungwe sililoledwanso kugula kanthu kapena kuyamba ntchito ina ndi ndalama za opereka thandizo. Chimene chimaloledwa ndi kulipira ngongole za ntchito imene inachitika tsikulo lisanakwane. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti zoyenera kubweza ndi zokhazo zimene zikuoneka ku banki.

Tiyerekeze bungwe lina la ku Dedza limene linalandira K200 miliyoni yokumbira mijigo, ndipo pulojekiti yatha pa 30 Juni. Ku akaunti kwatsala K15 miliyoni. Koma kontilakitala amene anamaliza mjigo wotsiriza pa 20 Juni sanalandirebe K6 miliyoni yake. Imeneyo ndi ngongole yovomerezeka, choncho akalipidwa zitsala K9 miliyoni. Kenaka akubwera ounika mabuku a chuma. Akupeza kuti pa mapepala a maalawansi a misonkhano ina palibe masiginecha a olandira, komanso malisiti ena a mafuta alibe nambala ya galimoto. Zonsezo zikukwana K4 miliyoni, ndipo opereka thandizo akuzikana. Bungwe liyenera kubweza K13 miliyoni pamene lili ndi K9 miliyoni yokha. Yotsalayo iyenera kuchokera m'thumba la bungwe lenilenilo, ndipo kukaitapa ku akaunti ya pulojekiti ina ndi kungoyambitsa mlandu wachiwiri.

N'chifukwa chake kuthamangira kugula makompyuta kapena kuchititsa maphunziro ku nyanja m'mwezi womaliza, pofuna kuti ndalama zisabwerere, sikuthandiza. Ounika mabuku amayamba kutsegula za mwezi womwewo. Ngati ntchito yachedwa pa zifukwa zomveka, monga mvula kudula msewu, njira yake ndi kupempha nthawi yoonjezera popanda ndalama zina, ndipo kalatayo ipite mgwirizano usanathe.

Katundu naye ali ndi malamulo ake. Galimoto kapena njinga yamoto yogulidwa ndi ndalamazo sikhala ya bungwe pokhapokha eni ndalama atalemba kuti itsale, ipite ku khonsolo kapena igulitsidwe. Ngati inalowa m'dziko mosalipira msonkho, a MRA ali ndi mawu isanasinthe mwini. Ogwira ntchito alandire zawo zonse, ndipo msonkho wa pa malipiro ndi ndalama za penshoni zitumizidwe akaunti isanatsekedwe.

Nthawi yoperekera malipoti imasiyana. Malamulo a boma la America amapereka masiku 120 kwa bungwe limene linalandira ndalama mwachindunji, ndi masiku 90 kwa mabungwe amene linawagawirako. Ndalama zikabwezedwa, umboni wa ku banki usungidwe, ndipo bungwe lipemphe kalata yotsimikiza kuti mgwirizano watsekedwa. Mafailo asatayidwe msanga, chifukwa malamulo omwewo amati asungidwe kwa zaka 3 kuchokera pa tsiku lopereka lipoti lomaliza la chuma, ndipo m'zaka zimenezo ounika akhoza kubweranso n'kukana ndalama zina.