Chimbudzi ndi chitsime: zimene zimachitika pansi pa nthaka

Alimi anzanga, nonse mukulidziwa lamulo lija lakuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndiponso chikhale kumunsi kwa chitsimecho. Pa phunziro lapitalo mayi wina anafunsa funso limene sindinaliyankhe mokwanira. Anati chimbudzi chawo anachiyeza ndi chingwe chobzalira ndipo mamita 30 anakwana, koma dzinja lililonse ana amatsegula m'mimba. Kwa achemwali awo kumtunda, chimbudzi chili pafupi kuposa pamenepo, koma madzi atayezedwa anapezeka abwino. Nanga lamulolo ndi labodza?

Si labodza ayi, koma limangoyeza pamwamba. Zoipa za m'chimbudzi zimayenda pansi, ndipo pansi pa mudzi wina sipafanana ndi pansi pa mudzi unzake.

Dothi louma ndilo limasefa

Madzi oipa akatuluka pansi pa dzenje la chimbudzi amayamba atsika. Poyamba amadutsa m'dothi lomwe silinakhute madzi, lomwe m'timipata take muli mpweya. Apa ndi pamene ntchito yaikulu yosefa imachitikira. Mazira a njoka za m'mimba ndi aakulu, choncho amatsakamira pafupi ndi dzenje pomwepo. Tizilombo ta kolera, kamwazi ndi tayifodi timamatirira ku dothi, tina timadyedwa ndi tizilombo ta m'nthaka, tina timafa tokha chifukwa kunja kwa thupi la munthu sitikhalitsa.

Akapitirira pamenepo, madzi oipawo amafika pamene nthaka ndi yokhuta madzi. Awa ndi madzi a pansi, omwe timatunga m'chitsime. Akalowa m'menemo saloweranso pansi kwambiri, amayamba kuyenda cham'mbali, kulowera kudambo kapena kumtsinje, ndipo kusefa kumachepa kwambiri. N'chifukwa chake a zaumoyo amati pakati pa pansi pa dzenje ndi madzi a pansi pazikhala dothi louma losachepera mita imodzi ndi theka. Ine ndimakonda kunena mamita awiri, chifukwa okumba akamva imodzi ndi theka amachotserako.

Vuto n'lakuti madzi a pansi sakhala pamodzimodzi chaka chonse. Tiyeni titenge chitsanzo cha banja lokhala m'mphepete mwa dambo. Bambo akumba chimbudzi mu Okutobala, dzenje la mamita 3. Pa nthawiyo madzi m'chitsime chawo ali pa mamita 7 kuchokera pamwamba. Ndiye kuti pakati pa dzenje ndi madzi pali dothi louma mamita 4, zonse zili bwino. Pofika Febuluwale mvula yakhathamira, madzi m'chitsime akwera mpaka pa mamita awiri ndi theka. Tsopano pansi pa dzenje pamira m'madzi ndi theka la mita. Sefa uja palibenso. Chimbudzi ndi chitsime zili m'madzi amodzi, ngakhale pamwamba mamita 30 aja sanasinthe. Zimbudzi zambiri timakumba m'chilimwe poti ndi pamene tili ndi mpata, ndipo ndi pamene nthaka imatinamiza.

Mamita 30 ndi masiku angati?

Zoipa zikalowa m'madzi a pansi, chimene chatsala kutiteteza ndi nthawi. Tizilombo tambiri toyambitsa matenda timatha mphamvu pakapita masabata angapo, ngakhale mavailasi amapirira kuposa tinzawo. Akatswiri a madzi a pansi amawerenga kuti ulendo wochoka pa chimbudzi kufika pa chitsime ukamatenga masiku opitirira 50, chiopsezo chimakhala chochepa kwambiri, koma ukachepera masiku 25 chiopsezo ndi chachikulu. Choncho funso lenileni n'lakuti madzi amatenga masiku angati kuyenda mamita 30 m'nthaka ya kwanuko.

M'katondo, dothi lofiira lija lomata la ku chigwa cha Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu, madzi amayenda pang'onopang'ono zedi. Kumeneko thanthwe linafumbutuka kalekale n'kusanduka dothi lakuya mamita ambiri. Madzi a pansi akhoza kutha tsiku lonse osayenda utali wa chala, ndipo mamita 30 amawatengera miyezi yambiri. Achemwali a mayi aja ali pa nthaka yotere.

Mumchenga nkhani ndi ina. M'mbali mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga, komanso m'madera ambiri a kuchigwa cha Shire, nthaka inabwera ndi madzi: mchenga, matope ndi timiyala zoyalana. Mumchenga waukuluukulu madzi a pansi akhoza kuyenda mita imodzi pa tsiku. Werengani nokha: mamita 30 ndi masiku 30, kungopitirira pang'ono malire oopsa aja. Pakakhala mzere wa nsangalabwi pamene panali khwawa lakale lomwe linakwiririka, liwirolo limaposa apo. Ndipo m'madera amenewa madzi a pansi amakhala pafupi, motero zovuta ziwiri zija zimakumana pamalo amodzi.

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri ndi thanthwe. Timaganiza kuti mwala ndi wolimba, sungadutse kanthu. Mwala weniweniwo zoonadi sudutsa madzi, koma thanthwe limakhala ndi ming'alu, ndipo madzi onse amathamangira m'ming'alumo ngati m'paipi. Mulibe dothi loti tizilombo timatirirepo. Ngati madzi akuyenda mamita 10 pa tsiku mumng'alu, zomwe n'zotheka, mamita 30 aja ndi masiku atatu okha. Tizilombo timafika pachitsime tikadali tamoyo. Midzi ya m'mapiri ndi m'zitunda, kumene khasu limagunda mwala musanafike m'chiuno, ndi imene iyenera kusamala pa mfundoyi. Kuipa kwina kwa mng'alu n'kwakuti sutsata kutsetsereka kwa pamwamba nthawi zonse, ndiye mawu akuti "chimbudzi chili kumunsi" sapereka chitsimikizo chonse.

Anzathu a ku Lusaka ku Zambia anaziona zimenezi. Mbali yaikulu ya mzindawo, kuphatikizapo Kanyama, ili pa mwala wa mtundu wa laimu, womwe umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi mpaka kupanga mphako ndi ngalande za pansi. Dothi pamwamba pake ndi lochepa, madzi ali pafupi, zimbudzi ndi zitsime zili paliponse. Pa mliri wa kolera wa 2017 mpaka 2018, Kanyama anali m'gulu la madera amene anakhudzidwa kwambiri, ndipo boma linakwirira zitsime zambiri zosaya.

Za makande ndinenepo pang'ono, poti ambiri madimba athu ali pamenepo. Makande akanyowa amatseka bwino, madzi sadutsa. Koma m'chilimwe amang'aluka mpaka dzanja kulowa, ndipo mvula yoyamba imatsikira m'ming'aluyo ndi zonse zimene yakokolola. Komanso poti madzi salowa pansi, dzenje limadzaza msanga n'kusefukira pamwamba. Pamenepo zoipa zimafika pachitsime podzera pakamwa pake, makamaka ngati chilibe khoma ndi simenti yozungulira.

Mmene mungadziwire za pansi pa mudzi wanu

Simufunika makina. Buku la nthaka ya kwanu lili kale m'maenje amene munakumba. Pitani ndi gulu pa dzenje la njerwa, pa chitsime chatsopano kapena pamene khwawa linagumula, muone mmene dothi layalirana. Afunseni okumba zitsime kuti katondo amathera pati, mchenga amaupeza pati, mwala amaugunda pa mamita angati. Iwo amakumbukira bwino kuposa mapu.

Dothi loti muliyese ndi la pansi pa dzenje, osati la pamwamba pomwe timalima. Linyowetseni, mulipote m'manja ngati chingwe. Likapoteka n'kupindika osaduka, muli dongo lambiri. Likamangoyoyoka ndi kukhakhala m'zala, ndi mchenga.

Kenako madzi. Sankhani chitsime chimodzi kapena ziwiri, ndipo munthu mmodzi aziyeza kamodzi pa mwezi, m'mamawa anthu asanayambe kutunga. Amangirire kamwala koyera ku chingwe choyera, atsitse mpaka kakhudze madzi, ayeze chingwecho ndi kulemba m'kope la gulu. Nambala imene tikuifuna kwambiri ndi ya Febuluwale ndi Malichi. Pa nambala imeneyo chotsanipo mita imodzi ndi theka, yotsalayo ndiko kuya kwa dzenje limene malowo angalole. Kwa banja la m'mphepete mwa dambo lija, mamita awiri ndi theka kuchotsa imodzi ndi theka, itsala mita imodzi basi. Dzenje lawo la mamita 3 linapitirira ndi mamita awiri.

Zikatere musati basi tisiye chimbudzi, chifukwa kutchire n'koipa koposa. Banja lotere likhoza kusamutsira chimbudzi kumalo okwera, kutali ndi chitsime, kapena kukumba dzenje la mita imodzi n'kulikweza pamwamba ndi njerwa ndi dothi lotsendera. Njira ina ndi chimbudzi cha manyowa cha dzenje losaya, chothira phulusa ndi dothi mukatha kudzithandiza, chomwe chikadzaza mumakwirira n'kubzalapo nthochi kapena papaya. Pa thanthwe la ming'alu, chimbudzi chokweza ndicho ndingakulangizeni, ndipo mtunda muuwonjezere momwe malo angalolere.

Chitsime nachonso chimaonetsa zizindikiro. Chikamachita mbuu kapena kukwera msanga tsiku lomwelo mvula yagwa, dziwani kuti pali njira yachidule yochokera pamwamba. Mukasuzumira m'chimbudzi m'dzinja n'kuona madzi atakwera pamodzi ndi a m'chitsime, ziwirizi zalumikizana. Koma madzi oyera mbee si umboni wakuti ndi abwino. Tizilombo sitioneka, sitinunkha. Umboni ndi kuyeza, ndipo uzani mlangizi wa zaumoyo kuti madziwo akayezedwe m'dzinja. Zotsatira za mu Okutobala sizinena kanthu za Febuluwale.

Inu amene muli ndi mapampu opondaponda kapena a sola kudimba, dziwani kuti kupopa kwambiri kumatsitsa madzi mozungulira chitsime, ndipo madzi a mbali zonse amayamba kulowera komweko, ngakhale ochokera kumunsi pang'ono. Chitsime chimene mukuthirira nacho tsiku lonse chimakoka kuchokera kutali kuposa chotunga ndi ndowa.

Pali chinthu chimodzi chimene nthawi siichotsa. Mkodzo ndi chimbudzi zikawola zimatulutsa mchere wotchedwa naitireti, wofanana ndi umene mbewu zimadya kuchokera ku feteleza. Umenewu sufa ngati tizilombo, umasungunuka n'kuyenda ndi madzi kutali, ndipo umachuluka kumene zimbudzi zathithikana. Ukapitirira mamiligalamu 50 pa lita, ndi woopsa makamaka kwa makanda amene akupatsidwa mkaka wosungunula ndi madziwo, chifukwa umalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Klorini ndi kuwiritsa zimapha tizilombo, ndipo m'dzinja lino muzichita zimenezo pa madzi onse a m'chitsime chosaya, koma naitireti sizimuchotsa. Chitsime chikapezeka naye wambiri, madzi akumwa mukatunge kwina, awo atsale othirira ndi kuchapira.

Pa phunziro likubwerali gulu lililonse libwere ndi dothi lodzaza manja awiri lochokera pansi pa dzenje la kwawo, komanso muyeso woyamba wa madzi a m'chitsime chawo.