Chigayo chimadya mpamba mwakachetechete: kawerengedwe ka kutsika kwa mtengo wake

Nyengo yokolola ikafika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, zigayo za pa Mponela, Madisi, Mvera ndi Malomo zimalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Madzulo mwini chigayo amawerenga ndalama, n'kuchotsapo ya dizilo kapena magetsi ndi malipiro a wogayitsa, ndipo yotsalayo amaitcha phindu. Koma pali ndalama ina imene yatuluka tsiku lomwelo popanda lisiti: chigayocho chaperepeseka, ndipo mtengo wake watsika. Amene sawerengera kutsikaku amadya mpamba akuganiza kuti akudya phindu, ndipo amadzazindikira tsiku limene injini yafa, m'thumba mulibe yogulira ina.

Akatswiri owerengera chuma amagawa mtengo wa makina pa zaka zonse zimene makinawo adzagwire ntchito, kuti chaka chilichonse chisenze gawo lake. Pali njira ziwiri zodziwika: ya mulingo umodzi, ndi yochotsera pa zotsala. Zonse zimayambira pa manambala atatu.

Nambala yoyamba ndi mtengo wonse wofikitsira chigayo pamalo pake mpaka kuyamba kugaya. Mwachitsanzo, munthu wagula chigayo cha dizilo ku Lilongwe pa K9 miliyoni, walipira K400,000 kuti lole ichifikitse pa Malomo, ndipo wawononga K600,000 pa simenti ya maziko ndi mmisiri wochimanga. Mtengo wolemba m'buku ndi K10 miliyoni, osati K9 miliyoni. Nambala yachiwiri ndi zaka zimene mwiniyo akuyembekeza kuchigwiritsa ntchito. M'chitsanzochi ndi zaka 5. Yachitatu ndi ndalama imene angapeze atachigulitsa zakazo zitatha, yomwe pano ndi K2 miliyoni. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Aliyense aikepo ake.

Njira ya mulingo umodzi

Njirayi imati chigayo chimatha mofanana chaka ndi chaka. Pa K10 miliyoni pachotsedwe K2 miliyoni imene idzabwerere pogulitsa. Yotsala, K8 miliyoni, ndiyo idzatheretu, ndipo ikagawidwa pa zaka 5 imapereka K1.6 miliyoni pa chaka. Choncho pakutha pa chaka choyamba chigayo chili pa K8.4 miliyoni m'buku, chachiwiri K6.8 miliyoni, chachitatu K5.2 miliyoni, chachinayi K3.6 miliyoni, ndipo chachisanu chimafika ndendende pa K2 miliyoni.

Nambalayi imamveka bwino ikatsitsidwa kufika pa tsiku. Ngati chigayo chimagaya masiku 300 pa chaka, ndiye kuti tsiku lililonse chimadya pafupifupi K5,300. Mwini amene watsala ndi K20,000 atalipira dizilo ndi wantchito, phindu lake lenileni ndi K14,700. Chigayo chogulidwa pakati pa chaka chimawerengeredwa miyezi yokhayo imene chagwira ntchito: chikayamba kutatsala miyezi 6 kuti chaka cha mabuku chithe, gawo la chaka chimenecho ndi K800,000.

Njira yochotsera pa zotsala

Njira yachiwiri imati chinthu chimataya mtengo waukulu chikadali chatsopano. Mwini amasankha peresenti imodzi, ndipo chaka chilichonse amaichotsa pa mtengo umene watsala m'buku, osati pa mtengo wogulira. Peresentiyo ikakhala 25, chaka choyamba pachoka K2.5 miliyoni ndipo patsala K7.5 miliyoni. Chaka chachiwiri 25 peresenti ija itengedwa pa K7.5 miliyoni, zomwe ndi K1,875,000, n'kutsala K5,625,000. Chaka chachitatu pachoka K1,406,250, n'kutsala K4,218,750. Kupitiriza motero, chaka chachisanu pachoka K791,016 yokha, ndipo chigayo chimathera pa K2,373,047.

Apa pali zolakwika ziwiri zofala. Ena amachotsa K2.5 miliyoni yomweyo chaka chilichonse. Chizindikiro chake n'chakuti buku limafika pa ziro m'zaka zinayi, pamene njirayi ikatsatidwa bwino sifika pa ziro. Ena amayamba achotsa K2 miliyoni yogulitsira ija asanatenge peresenti. Kutero n'kusakaniza njira ziwirizi, chifukwa m'njira yachiwiri mtengo wogulitsira umangothandiza posankha peresenti. Kuti chigayochi chithere pafupi kwambiri ndi K2 miliyoni, peresenti yoyenera ndi 27.5. Amene ali ndi pulogalamu ya Excel akhoza kutsimikiza mayankho onse awiri polemba motere:

```
=SLN(10000000,2000000,5)
=DB(10000000,2000000,5,1)
```

Mzere woyamba umapereka 1,600,000, ndipo wachiwiri 2,750,000, womwe ndi gawo la chaka choyamba pa 27.5 peresenti.

Kusankha pakati pa ziwirizi

Njira zonse ziwiri zimagawa ndalama yofanana kapena yoyandikana. Zimasiyana pa chaka chimene chimasenza katundu wolemera. Kusiyanaku kumaonekera poyera pogulitsa. Chigayo chija chitagulitsidwa pa K4.5 miliyoni pakutha pa chaka chachitatu, buku la mulingo umodzi lionetsa kuluza kwa K700,000, pamene la njira yachiwiri lionetsa phindu la K281,250. Pa gulu la alimi kapena pachibale pamene anasonkherana mpamba, nambala imeneyi ndi imene imanena zimene membala wotuluka ayenera kulandira. N'chifukwa chake njira iyenera kugwirizanidwa pachiyambi, osasinthasintha pofuna kukometsa mabuku.

Chigayo chokhazikika pa maziko, chogaya mofanana chaka ndi chaka, chimayenerana ndi mulingo umodzi. Minibasi yokwera ndi kutsika zitunda za pakati pa Mponela ndi Ntchisi imayenerana ndi njira yachiwiri. Mtengo wake umagwa msanga ikangoyamba kunyamula anthu, pamene ndalama zokonzetsera mabuleki, kalachi ndi masipuling'i zimakula ikamakalamba. Kutsika kwa mtengo kukamachepa pamene zokonzetsa zikukwera, mtolo wa chaka chilichonse umakhala woyandikana.

Zokonzetsazo zisasokonezedwe ndi kutsika kwa mtengo. Sefa wong'ambika, mahamala operepeseka, lamba ndi oyilo ndi ndalama zoyendetsera ntchito, zolembedwa m'chaka chimene zagulidwa. Koma injini yatsopano yotalikitsa moyo wa chigayo imalowa pa mtengo wa m'buku, ndipo mawerengedwe amayambiranso pamenepo. Pa nkhani ya msonkho, bungwe la Malawi Revenue Authority limatsata maperesenti a m'malamulo a msonkho, osati amene mwini wadzisankhira.

Malire a mawerengedwewa

Kulemba K1.6 miliyoni m'buku sikusunga ndalama. Ngati siikidwa padera, zaka 5 zidzatha buku lili bwinobwino koma thumba lili mbee. Ndipo ngakhale itasungidwa, imabweza mtengo wakale, osati wa mawa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makina ochokera kunja anakwera nayo mtengo. Chigayo chakale chikhoza kugulitsidwa pa makwacha ochuluka kuposa a m'buku, koma sikuti chasiya kutha. Ndalama ndiyo yafooka.

Choncho mwini wochenjera amasunga manambala awiri. Ya m'buku imachokera pa mtengo wogulira. Yosungira kubanki imachokera pa mtengo wa lero: ngati chigayo chonga chake chafika pa K16 miliyoni ndipo chakalecho angadzachigulitse K3 miliyoni, K13 miliyoni yogawidwa pa zaka 5 ndi K2.6 miliyoni pa chaka, kapena pafupifupi K8,700 pa tsiku logaya. Nambala imeneyi ndiyo iyenera kukumbukiridwa poika mtengo wogayitsira chitini cha chimanga.