Musathawe nsima n'kuthawira pa chiwaya

Anthu ambiri amene amabwera kudzandiona pa nkhani yochepetsa thupi amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Nsima ndinasiya kale, koma sikelo sikusuntha." Ndikawafunsa chimene akudya masana m'malo mwa nsimayo, yankho limakhala tchipisi. Iwo amaona kuti tchipisi n'chopepuka chifukwa sichilemera m'mimba ngati mitanda iwiri ya nsima. Pa ntchito yanga ya kadyedwe, chinthu chimene ndimachifotokoza kawirikawiri kuposa china chilichonse ndi chakuti kulemera kwa chakudya m'mimba ndi kuchuluka kwa mphamvu zimene chili nazo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu wodya m'tauni amene akufuna kuti mafuta a m'thupi achepe ayenera kuyang'ana kaye mmene chakudyacho chaphikidwira, makamaka mafuta ophikira amene alowamo.

Mphamvu za m'chakudya timaziyeza m'makalori. Galamu imodzi ya sitachi kapena shuga imapereka makalori 4, ya mapuloteni 4, pamene galamu imodzi ya mafuta imapereka 9. Sipuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo sipuni imeneyi imalowa m'chakudya osaoneka, osakhutitsanso munthu. Thupi likamalandira makalori ochepa kuposa amene likugwiritsa ntchito, limayamba kutapa m'mafuta amene linasunga. Kwa munthu wamkulu, kuchepetsa makalori pafupifupi 500 patsiku kumachotsa thupi lokwana ngati theka la kilogalamu pa sabata, makamaka m'miyezi yoyamba. Masamu ofunika ndi omwewa, ndipo simufunika kuyenda ndi sikelo m'chikwama kuti muwagwiritse ntchito.

Tiyeni titenge mbatata ya kachewere. Ikakhala yowiritsa, magalamu 100 amakhala ndi makalori osapitirira 90. Mbatata yomweyo ikadulidwa n'kukazingidwa, magalamu 100 amafika pafupifupi makalori 300. Chimene chimachitika n'chakuti kutentha kumatulutsa madzi m'mbatata, ndipo mafuta amalowa m'malo amene madziwo asiya. Mafuta akakhala otentha bwino, madigiri 170 mpaka 180, kunja kwa tchipisi kumauma msanga ndipo mafuta olowa amachepako. Koma pa chiwaya moto wake ndi wa nkhuni kapena makala, umakwera n'kumatsika, ndipo wogulitsa akathira mbatata zambiri nthawi imodzi mafuta amazizira. Tchipisi chimakhalitsa m'mafutamo, kenako chimakankhidwira m'mphepete mwa chiwaya n'kumazizira, uku chikumwa mafuta amene ali pamwamba pake. Mungachizindikire ndi maso: chimakhala chofewa, chonyezimira, ndipo pepala kapena jumbo imene achiikamo imanyowa mafuta. Ena akamaliza kukuikirani amathiranso mafuta pamwamba pa tchipisi ndi kabichi kuti zikome. Sipuni imodzi imeneyo ndi makalori ena 120.

Ndikupatseni chitsanzo cha mayi wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe, wa thupi loti patsiku limagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,000. Masana amagula mbale ya tchipisi ya magalamu 300, nthuli ya nkhuku yokazinga ndi khungu lake, ndi botolo la chakumwa chozizira. Tchipisicho chokha ndi makalori 800 mpaka 900. Nkhukuyo ndi 250 kapena kuposerapo. Botolo la Kokakola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 8, omwe ndi makalori 130. Zonse pamodzi zikufika cha m'ma 1,200, kutanthauza kuti chakudya chamasana chokha chatenga gawo loposa theka la tsiku lonse. Ikamakwana 4 koloko njala yayambanso, agula mandasi pokakwera minibasi, ndipo kunyumba chakudya chamadzulo chikuwadikira.

Mayi yemweyo atalowa m'resitilanti ya mumsika n'kuitanitsa nsima, masamu amasintha. Mtanda umodzi wa nsima waukulu ngati nkhonya ya munthu wamkulu uli ndi makalori pafupifupi 200, chifukwa gawo lalikulu la nsima ndi madzi. Mitanda iwiri ndi 400. Nyemba kapena nsomba yophika ndi 200 mpaka 250, masamba a mpiru kapena nkhwani okhala ndi mafuta pang'ono ndi 100. Akamwera madzi, mbale yonse ikhala cha m'ma 750. Kusiyana kwake ndi mbale ya pa chiwaya ija ndi makalori pafupifupi 500, omwe aja tanena kuti ndi okwanira kuti thupi liyambe kutsika, ndipo mayiyu watuluka atakhuta kuposa kale. Ziwerengerozi n'zoyerekeza, pakuti mitanda ndi mbale zimasiyana malo ndi malo, koma kusiyana kwa mbale ziwirizi n'kwakukulu moti ngakhale titaphonya ndi makalori 100 uku kapena uko, nsima ipambanabe.

Sindikunena kuti nsima ingodyedwa mopanda malire. Mitanda itatu kapena inayi masana, inanso madzulo, imanenepetsa munthu wokhala pampando tsiku lonse, ndipo muyezo wa mlimi wogwira khasu sungakhale muyezo wa kalaliki. Kwa ambiri ogwira ntchito zokhala pansi ndimalangiza mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, ndiwo n'kuchulukitsa. Amandifunsanso za mgaiwa. Makalori a mgaiwa ndi a ufa woyera sasiyana kwenikweni. Ubwino wa mgaiwa ndi gaga amene watsalamo, yemwe amachititsa kuti njala ichedwe kubwerera, choncho ngati ulipo sankhani umenewo, koma musawonjezere mtanda poganiza kuti mgaiwa sunenepetsa. Mpunga nawo ndi chimodzimodzi, ndipo m'malo ambiri odyera amauthira mafuta pophika kuti uwale, kenako n'kudzaza mbale mpaka m'mphepete.

M'resitilanti mafuta amabisala mu msuzi. Suzumirani mumphika wa nyama kapena nkhuku musanaitanitse. Mukaona mafuta ofiira atayandama pamwamba, dziwani kuti chipande choyamba kuviikidwa chitenga mafutawo, ndipo nsima yanu idzawapukuta onse m'mbale. Palibe cholakwika kupempha mwaulemu kuti, "Mayi, msuzi munditungire wapansi, pang'ono pokha, koma masamba mundiwonjezere." Masamba ndi otchipa, ndipo ogulitsa ambiri sakana. Pa ndiwo zenizeni, funsani kuti zaphikidwa bwanji. Chambo chowotcha pa makala, usipa wophika ndi tomato, nyemba, ndi nkhuku yowotcha yochotsa khungu zimakhala ndi mapuloteni ambiri, ndipo mapuloteni ndi amene amagwira m'mimba nthawi yaitali ndi kuteteza minofu pamene thupi likutsika. Nsomba yomweyo ikamizidwa m'mafuta imatuluka ndi makalori ochuluka kwambiri. Ndiwo zotendera sindiziletsa, chifukwa nsinjiro ndi chakudya chabwino, koma mtedza uli ndi mafuta akeake, ndiye tsiku lodya nkhwani wotendera ndiwo inayo isakhale yokazinga.

Kwa munthu amene palibe kuchitira mwina koma kudya pa chiwaya, mwina chifukwa ndi pokhapo pafupi ndi ntchito, njira ilipobe. Gulani tchipisi cha ndalama zochepa, theka la chimene munazolowera, ndipo sankhani chodula mokhuthala chifukwa chopyapyala chimamwa mafuta ambiri. Nenani msanga kuti, "Achimwene, mafuta apamwamba musathire." Ndalama yotsalayo gulirani mazira awiri owiritsa, amene lililonse lili ndi makalori pafupifupi 75, kapena kanyenya wowotcha pa makala wopanda zonona. Pa kabichi wosaphika ndimachenjeza. Amathandiza kudzaza mimba, koma amatsukidwa ndi madzi amene inu simunawaone, ndipo tonse tikukumbukira kolera imene inavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023. M'nyengo ya mvula, kapena pamalo pamene ukhondo ukukayikitsa, musiyeni kabichiyo. Masamba ophika amene akutentha ndi otetezeka.

Zotolatola za m'njira nazo zimatsata lamulo lomweli. Chimanga chowotcha, mbatata yowotcha kapena yophika, chinangwa chophika, nthochi, mango ndi magwafa zilibe mafuta owonjezera, ndipo zimafuna kutafuna. Mandasi, zitumbuwa, zigege ndi samusa zonse zadutsa m'mafuta, ndipo mandasi awiri aakulu akhoza kufanana ndi mitanda iwiri ya nsima. Mtedza wokazinga umasokoneza ambiri chifukwa anamva kuti ndi wopatsa thanzi, zomwe ndi zoona, koma wodzaza dzanja limodzi uli kale ndi makalori pafupifupi 170. Dzanja limodzi ndi lokwanira.

Zakumwa ndi khomo lina limene makalori amalowera mwakachetechete, chifukwa chinthu chakumwa sichikhutitsa ngati chotafuna. Bungwe loona za umoyo padziko lonse linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse za tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi masipuni aang'ono pafupifupi 12. Botolo limodzi la Kokakola lija latenga kale 8, tiyi wam'mawa tisanamuwerenge. Thobwa ndi maheu ndi chakudya ndithu chifukwa ndi ufa ndi shuga, ndiye zikamwedwa ziwerengedwe ngati gawo la chakudya, osati chotsitsira nsima. Botolo la mowa lili ndi makalori pafupifupi 140, ndipo nthawi zambiri limabwera ndi kanyenya pambali.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, musadalire sikelo ya tsiku lililonse. Chakudya chogula chimakhala ndi mchere wambiri, mchere umasunga madzi m'thupi, moti m'mawa wotsatira sikelo ikhoza kukwera ndi kilogalamu yathunthu popanda mafuta kuwonjezeka. Dziyezeni kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, pa sikelo yomweyomweyo. Tengani tepi ya telala n'kuyeza mimba pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba. Cholinga chabwino n'chakuti muyezowo ukhale wochepera theka la msinkhu wanu: munthu wotalika masentimita 160 akhale pansi pa 80. Pakadutsa masabata atatu kapena anayi sikelo ndi tepi osasintha, lembani zonse zimene mwadya ndi kumwa kwa masiku atatu, limodzi likhale Loweruka. Nthawi zambiri chobisalacho chimapezeka mu tiyi, mu msuzi kapena pa chinkhoswe.

Malangizowa ndi a munthu wamkulu wopanda vuto lina. Amene akumwa mankhwala a shuga kapena kubaya jakisoni wake asachepetse nsima asanakambirane ndi achipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka munthu kukomoka. Mayi woyembekezera asayambe zochepetsa thupi, ndipo woyamwitsa afunse kaye ku sikelo ya ana. Ndipo ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku kapena ludzu losaletseka, pitani kuchipatala mukayezetse sabata yomweyo.