Fileti m'Chiwaya, Msongolo mu Mphika

Pa mabutchala ambiri a m'misika yathu wogula amatchula makilo, satchula mbali ya ng'ombe. Wogulitsa amagwetsa chikwanje pamene wafikira: kachidutswa ka ntchafu, ka khosi, ka nthiti, kenako kafupa kokwaniritsa sikelo. Zonsezo zimakalowa mu poto imodzi, ndipo pofika nthawi ya nsima wina amapeza nthuli yosungunuka m'kamwa pamene mnzake akulimbana ndi ina yosatafunika. Mlandu umagwera wophika, chonsecho unayambira pa chikwanje.

Chimene chimasiyanitsa nthulizo ndi ntchito imene mnofu uliwonse unkagwira ng'ombe ili moyo. Minofu ya m'miyendo, m'khosi, m'phewa ndi pachidale imanyamula thupi, imayenda, imakoka ngolo. Kuti ipirire, imakulungidwa ndi timitsempha toyera tambirimbiri, timene akatswiri amati kolajeni. Minofu ya kumsana sivutika motero. Yopuma kuposa yonse ndi fileti, mnofu wautali umene umagona mkati, m'munsi mwa fupa la msana, kufupi ndi impso. Ng'ombe yonse ili ndi mafileti awiri okha, n'chifukwa chake mtengo wake umaluma kulikonse.

Moto umachita zinthu ziwiri zotsutsana pa nyama. Kutentha kwa mkati mwa nthuli kukadutsa madigiri 60, ulusi wa mnofu umakhwinyata n'kufinya madzi ake, nyama n'kuyamba kuuma ndi kulimba. Koma kolajeni akakhala nthawi yaitali pa madigiri 70 kapena kuposa, pali chinyezi, amasungunuka n'kusanduka jelatini, chonanda chija chimene chimamata milomo tikamadya mang'ina. Fileti alibe kolajeni wokwanira woti asungunuke, choncho akakhalitsa pamoto amangouma. Msongolo uli naye wochuluka, ndiye ukachotsedwa msanga umakhala utalimba kale koma usanayambe kufewa.

Ku Falansa ndi ku Britain wogulitsa nyama amagawa ng'ombe motsata minofu, ndipo mbali iliyonse ili ndi dzina ndi mtengo wake. Ku Falansa pa mapaketi a nyama m'masitolo amalemba ngati ili yowotcha kapena yophika m'madzi. Koma tisafulumire kusirira, pakuti ng'ombe zawonso si zathu. Ku Amereka zambiri zimanenepetsedwa ndi chimanga m'makola n'kuphedwa zisanakwane zaka ziwiri. Zathu zalinunda zimadya msipu, zimayenda mitunda kukamwa madzi, ndipo mwini nthawi zambiri amagulitsa imene yakalamba kapena yatopa ndi goli. Nyama ikamakalamba kolajeni wake amalukana mwamphamvu, n'kumachedwa kusungunuka.

Palinso nkhani ya masiku. Kumaiko akunja aja nyama imapachikidwa m'chipinda chozizira, pakati pa madigiri 0 ndi 4, kwa milungu iwiri kapena itatu. Ng'ombe ikaphedwa thupi limauma gwa pakapita maola angapo, kenako michere ya m'minofu momwemo imayamba kudula ulusi pang'onopang'ono, nyama n'kumafewa tsiku ndi tsiku. Kuno ng'ombe yophedwa m'mawa imadyedwa madzulo, nthawi imene kuumako kuli pachimake. Popanda firiji palibe kuchitira mwina, ndipo ine sindingalangize munthu kusunga nyama pa kutentha kwa Okutobala pofuna kutsanzira azungu. Koma amene ali ndi firiji yodalirika angasiye siteki yake pamalo ozizira osaumitsa kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo adzamva kusiyana. Kupachikaku kumafewetsa ulusi wokha. Mitsempha ya msongolo sikuikhudza kwenikweni, imeneyo imafuna mphika basi.

Ndiye amayi athu sanalakwe poyamba ndi kuwiritsa. Kaphikidwe kathu, kothira mchere ndi madzi pang'ono, kuwiritsa mpaka madzi aphwe, kenako n'kukazinga nyamayo m'mafuta ake omwe ndi anyezi ndi tomato, n'koyenera ng'ombe imene tili nayo. Afalansa amachita mosemphanitsa: amayamba kukazinga nthuli mpaka zitafiira, n'kuthira vinyo kapena msuzi, kenako n'kuzisiya pamoto wochepa maola atatu. Njira zonse ziwiri zimafuna fungo la nyama yokazingika, ndipo zonse zimalipeza. Ubwino wa yawo ndi wakuti fungolo limalowerera mu msuzi nthawi yonse yophika. Ubwino wa yathu ndi wakuti sifuna mafuta ogula, komanso tomato sapserera. Pamene timagwa ndi pa moto ndi pa nthawi.

Titenge kilo imodzi ya msongolo wokhala ndi fupa, woduladula kukula ngati bokosi la machesi. Pa mbaula yoyaka bwino madzi amabwata mwaukali n'kuphwa lisanathe ola. Wophika akaona mafuta ayamba kulira pansi pa poto amati yapsa, n'kuthira anyezi. Imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa yochotsera msongolo, chifukwa ulusi watha kufinya madzi koma kolajeni wangoyamba kumene kugonja. Ena amakoleza moto kwambiri poganiza kuti ifewa msanga, koma madzi owira mu poto wamba sadutsa madigiri 100 ngakhale mutawonjezera makala otani. Moto wowonjezerawo umangouluza madzi ndi kutha makala.

Chofunika n'chosavuta. Thirani madzi ofika pafupifupi pamwamba pa nthulizo, mchere wa supuni yaing'ono imodzi ndi theka, ndipo akawira chotsani thovu. Kenako kwirirani makala ndi phulusa kuti pakhale kuwira kwa thovu limodzilimodzi, n'kuvundikira bwino. Madzi akachepa onjezani otentha, osati ozizira. Msongolo wa ng'ombe yaing'ono umafuna maola awiri ndi theka kapena atatu, wa nkhalamba ya ngolo ungafike anayi. Wotchi isakulamuleni. Bayani nthuli ndi foloko n'kupotoza. Ikakana, kapena foloko ikatuluka movutikira, sinapse. Ikang'ambika motsata ulusi, mitsempha yoyera ija itasanduka yowala ndi yotererera, ndiye vundukulani, kolezani moto, madzi aphwe, mukazinge. Mafuta a m'fupa adzakhala atatuluka kale, ndipo msuzi wotsala ukazizira umaundana. Kupitirira kuliponso: nthuli zikamanyenyeka zokha koma m'kamwa zikumveka zouma, jelatini yense wathawira mu msuzi.

Makala a maola atatu si nkhani yaing'ono pa thumba la banja la m'tauni, ndipo ndikuganiza kuti ichi n'chimene chimachotsa nyama yambiri pamoto isanapse. Poto wotsekera nthunzi amathandiza, chifukwa mkati mwake kutentha kumafika pafupifupi madigiri 120, ndipo msongolo womwewo umafewa m'mphindi 45 mpaka ola limodzi. Anzathu a ku Botswana sadandaula za nthawi pa seswaa yawo: nyama yolimba ya mafupa, madzi ndi mchere basi, mu mphika wachitsulo wa miyendo itatu kwa maola anayi kapena kuposa, kenako n'kuisinja ndi mtengo mpaka italekana ulusi.

Nyama yolimba imathekanso kuwotcha, bola moto ukhale patali. Ku Texas chidale chonse chimakhala mu utsi wa nkhuni wa madigiri 110 mpaka 120 kwa maola 10 kapena kuposa, mpaka mkati mutafika pafupifupi madigiri 95. Madzi sathirako, chinyezi ndi mafuta a nyamayo n'zimene zimasungunula kolajeni. Chitsanzo chotiyandikira ndi cha ku Brazil, kumene ng'ombe zambiri ndi zalinunda ngati zathu. Iwo linunda amalitcha kupimu, ndipo amalikulunga n'kuliwotcha pang'onopang'ono kwa maola angapo, n'kumalidula mopyapyala. Linunda ndi lolukana mafuta ndi mitsempha, choncho likaponyedwa pa makala aukali ngati siteki limapserera kunja mkati muli gwa, koma likapatsidwa nthawi limaposa mbali zambiri zodula mtengo. Kwathu likagwera m'kilo yosakaniza limangotayika pakati pa nthuli zina.

Fileti ndi siteki za kumsana zimafuna zosiyana kotheratu. Dulani mopingasa ulusi, kuchindikala kwa masentimita awiri ndi theka. Pukutani madzi, thirani mchere, ndipo chiwaya chitenthe mpaka mafuta atayamba kufuka. Mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse zakwana, kenako mphindi zisanu pa mbale musanadule. Musadzaze chiwaya, chifukwa nthuli zikapanikizana zimatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika, ndipo mudzazindikira poona nyama yotuwa ikusambira. Afalansa ambiri amadya siteki mkati muli mofiira, pa madigiri 50 mpaka 55. Ife timati ndi yaiwisi, ili ndi magazi, ngakhale madzi ofiirawo si magazi koma utoto wa mnofu. Komabe mantha athu ali ndi maziko. Nyama imene sinayezedwe ndi alangizi a ziweto ikhoza kukhala ndi mbewu za njoka za m'mimba mkati mwa mnofu, ndipo yatsiku lonse panja yayenderedwa ndi ntchentche. Nyama yotero mkati mufike madigiri 65 kapena kupitirira pang'ono, motuwira koma mukadali madzi. Kuchoka apo n'kukafika pa fileti wowiritsidwa ola lathunthu pali mtunda wautali, ndipo ambiri timauyenda wonse.

Yovuta kwenikweni ndi ntchafu, imene ogula amailimbirana poti ndi mnofu wokhawokha wopanda fupa. Ilibe mafuta, ilibe kolajeni wochuluka ngati msongolo, koma ulusi wake ndi wokhwima. Mukaiwiritsa nthawi yaitali imauma, mukaiwotcha yochindikala imalimba. Mankhwala ake ndi mpeni. Ahausa a ku Nigeria amailenga mopyapyala, n'kuipaka nsinjiro ndi tsabola, n'kuiwotcha pa timitengo kukhala suya. Anyamata athu a kanyenya amachita zofananako akamaidula ting'onoting'ono pa chiwaya, ndipo amene amadula mopingasa ulusi ndi amene makasitomala amabwererako. Papaya wosapsa amathandizanso, pakuti utomoni wake umadya ulusi ndi mitsempha yomwe. Kungoti umagwira pamwamba pokha, ndiye umayenera nyama yopyapyala, ndipo theka la ola kapena ola limodzi lakwana. Mukaugoneka usiku wonse kunja kwa nyama kumasanduka phala.

Amene wagula kale kilo yosakaniza asathire zonse pamodzi. Ayambe wasankha pa thabwa: nthuli za mafupa ndi zamizere yoyera yambiri zilowe mu poto poyamba, za ntchafu azilenge mopyapyala, ndipo zofewa zopanda mizere azisunge mpaka nthawi ya anyezi, mphindi khumi zomaliza. Ndipo akalawirira m'mawa ng'ombe isanaduliridwe, angapemphe wogulitsa kuti amudulire msongolo, mchira kapena linunda paokha.